Mtedza Umapsa Kawiri: M'chiwaya ndi M'lichero

Tapani mtedza wokazinga wodzadza dzanja, muufikise, muuzire mankhusu, kenaka muuyang'anitsitse. Nthawi zambiri mupeza kuti m'dzanja limodzilo muli mtedza wa mitundu itatu. Wina ndi woyera, ndipo mukautafuna ukununkha uwisi ngati nyemba zosapsa. Wina uli ndi kadontho kakuda mbali imodzi ndipo ukuwawa. Wina wokhawo, mwina theka, ndi umene wapsa monga timafunira. Mtedza wonsewo unali m'chiwaya chimodzi, pamoto umodzi, kwa nthawi yofanana. Nanga kusiyanako kwachokera pati?

Ku Mitundu ndi ku Nathenje, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe, mtedza si chinthu chachilendo. Ukakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi, n'kuuma m'nyengo yachisanu, umadzadza misika, ndipo pafupifupi pakhomo lililonse pali munthu woti anakazingapo. Koma kukazinga koti njere iliyonse ifanane ndi inzake n'kwa anthu ochepa, makamaka amayi amene amagulitsa mtedza wa m'timapepala pasiteji, chifukwa kwa iwo chiwaya chimodzi chopserera ndi phindu la tsiku lonse lapita. Zimene iwo amachita ndi manja ndi makutu zili ndi zifukwa zake zomveka, ndipo munthu akazimvetsa safunikanso kudalira mwayi.

Ntchito imayamba moto usanakolezedwe

Gawo lalikulu la kusiyana kuja limachitika mtedza usanafike n'komwe pamoto. Njere yaing'ono imatentha mpaka pakati msanga kuposa njere yaikulu, ndiye mukaziphatikiza, yaing'onoyo imapserera yaikulu isanapse. Izi zimavuta kwambiri ndi mtedza wa pamsika, chifukwa mulu umodzi ukhoza kukhala wosakanikirana. Chalimbana ali ndi njere zikuluzikulu za khungu lotuwirako. CG7, amene anatulutsidwa mu 1990 kuchokera ku ntchito ya akatswiri a ku Chitedze mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT, ali ndi khungu lofiira, njere zake n'zapakatikati ndiponso zofananafanana. Kakoma ali ndi njere zing'onozing'ono. Mitundu itatuyi siyenera kukumana m'chiwaya chimodzi. Ngati mwagula wosakaniza, khalani pansi ndi lichero, muike waukulu pawokha, waung'ono pawokha, mukazinge kawiri. Njere zoswekera pakati nazonso zipatuleni, chifukwa mbali yake yosalala imagona pachitsulo osagubuduka ndipo imada msanga.

Posankhapo pali chinthu china chachikulu kuposa kukoma. Njere zonyala, zobooka ndi tizilombo, zakuda, ndi zooneka ngati zathiridwa kaufa kobiriwira kapena kachikasu, zonsezi n'zotaya. Mtedza wochita chuku umakhala ndi poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi ndipo akhoza kuyambitsa khansa. Poizoni ameneyu anadziwika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza wachuku. Anthu ambiri amaganiza kuti moto umachotsa zonse, ndiye amati, "Ingokazingani, zifera momwemo." Chukucho chikhoza kufa, koma poizoni wake amapirira kutentha kwambiri, kotero kuti kukazinga kumangomuchepetsa, sikumamumaliza. Chiwaya chitati chitenthe mpaka kumuwononga yense, mtedzawo ungakhale utasanduka makala kalekale. Njere zotayazo musaperekenso kwa nkhuku kapena kuzisinja nsinjiro poganiza kuti mundiwo sizidziwika.

Funso lomaliza musanayatse moto ndi lakuti, kodi mtedzawu ndi wouma? Ena amawaza madzi pa mtedza wamakoko kuti ufewe poswa, ndipo ena amagulitsa usanaumitsitse chifukwa wonyowa umalemera pasikelo. Lumani njere imodzi. Youma bwino imathyoka, pamene yonyowa imalowa mano ngati mbatata yaiwisi. Mtedza woterewu uyanikeni padzuwa tsiku limodzi kapena awiri. Mukaukakamiza pamoto uli choncho, umatenga nthawi yaitali ndipo khungu limada mkati mukadali mofewa.

Chimene chimachitika mkati mwa njere

Kuti timvetse zizindikiro za kupsa, tiyenera kudziwa kaye kuti kukazinga ndi ntchito ziwiri zotsatizana. Yoyamba ndi kuumitsa, yachiwiri ndi kufiiritsa.

Mtedza umene timati ndi wouma umakhalabe ndi madzi, pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse a kulemera kwake. Mu theka la kilogalamu ndiye kuti muli madzi okwana magalamu 35 kapena kuyandikira pamenepo. Mtedza wokazinga bwino umatsala ndi gawo limodzi kapena awiri okha pa 100. Choncho pa theka la kilogalamu, moto uyenera kutulutsa madzi odzadza masupuni aakulu awiri, ndipo madziwo sali pamwamba ayi, ali mkati mwa njere iliyonse ndipo amatuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi. Madzi akadali ambiri, mkati mwa njere simungatenthe kupitirira kwenikweni pamene madzi amawirira, cha pa madigiri 100.

Pamene kufiira ndi fungo lokoma lija zimafuna kutentha koposa apo, kuyambira cha pa madigiri 140 kupita m'mwamba. Pa kutentha kumeneku shuga wochepa amene ali mu mtedza amaphatikizana ndi zomanga thupi zake, n'kutulutsa mtundu wa bulawuni ndi fungo limene limaitana anthu a nyumba yachitatu. Amene anayamba kulongosola kaphatikizidwe kameneka ndi wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912, ndipo ndi komweko kamene kamafiiritsa pamwamba pa buledi ndi chikondamoyo.

Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Gawo loumitsa ndi lalitali ndipo limaoneka ngati palibe chikuchitika. Gawo lofiiritsa ndi lalifupi ndipo limathamanga. Munthu wosazolowera amatopa m'gawo loyambalo, n'kusonkhezera moto kuti zifulumire, ndiye kunja kwa njere kumafika pa kutentha kofiiritsa mkati mukadali madzi. Mwinanso amaona kuti zikuchedwa n'kupita kukatunga madzi, ndipo gawo lachiwiri limayamba iye kulibe.

Taganiziraninso kaumbidwe ka njere. Ndi yobulungira, ndiye imakhudza chiwaya ndi kachigawo kakang'ono ngati nsonga ya cholembera. Moto wonse umalowera pamenepo. Njere ikakhala osasuntha kwa kanthawi pachitsulo chotentha kwambiri, pamalo pamenepo pamabadwa kadontho kakuda kaja. Kutakasa kosalekeza kumasinthasintha malo okhudza chitsulo, kuti kutentha kulowe mbali zonse.

Chiwaya ndi moto

Chiwaya chabwino ndi chotambalala komanso chochindikala. Chitsulo chopyapyala chimatentha kwambiri pamene lawi likugunda n'kukhala chozizira m'mbali, pamene chochindikala chimagawa kutentha ponseponse ndipo sichisinthasintha mphepo ikaomba. Agogo athu pokazingira pa phale la mphika wosweka ankapeza mwayi womwewu, chifukwa dothi limachedwa kutentha koma likatentha limasunga moto mofatsa. Sefuliya yopyapyala imene ambiri tili nayo kumalo ogona ophunzira ndi yovuta kuposa zonse. Ikhoza kugwira ntchito, koma pamoto wochepa kwambiri ndiponso ndi mtedza wochepa.

Kuchuluka kwa mtedza nakonso n'kofunika. Ukayala m'chiwaya usapitirire mizere iwiri kapena itatu kuchoka pansi. Ukakhala mulu, wapansi ukupsa pamene wapamwamba ukungofunda ndi nthunzi ya anzake. Ukachepetsetsanso, njere zochepazo zimalandira moto wa chiwaya chonse ndipo zimapserera mosayembekezera. Pa chiwaya chotambalala ngati mbale yaikulu ya nsima, theka la kilogalamu ndi muyezo wabwino.

Pankhani ya moto, makala oyaka bwino amene ayamba kuvala phulusa loyera amaposa lawi. Ngati mukugwiritsa ntchito nkhuni kapena zitsononkho pamafuwa, dikirani lawi ligwe, mukazingire pamakala ake ndi kachikuni kamodzi kokha kongothandizira. Zitsononkho zimayaka mwaukali n'kutha msanga, ndiye moto wake umakwera ndi kutsika, zomwe mtedza sufuna. Poyesa chiwaya, donthezanimo madzi pang'ono. Akachita phokoso n'kuuma pakapita kanthawi kochepa, chakonzeka. Akabalalika ngati timikanda tothamangathamanga, chatenthetsa, chichotseni kaye.

Chiwaya chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiyeni titsate theka la kilogalamu la CG7 wosankhidwa bwino, pa mbaula ya makala ofatsa. Mphindi zimene nditchule ndi zongokupatsani chithunzi, chifukwa chiwaya chilichonse ndi moto uliwonse zili ndi liwiro lakelake. Chimene sichisintha ndi ndondomeko ya zizindikirozo.

Mphindi zisanu zoyambirira, mtedza umamveka molemera. Mukautakasa ndi mthiko umangoti gudugudu pansipansi, ngati timiyala tonyowa. Fungo lake ndi la nthunzi ndi uwisi. Takasani mokokolola pansi, kuchotsa wapakati kupita nawo m'mbali ndi kubweretsa wam'mbali pakati, chifukwa pakati ndi pamene pamatentha kwambiri. Kungozunguza mthiko pamwamba sikuthandiza, popeza njere zapansi zimangotsetsereka zili chogona mbali yomweyo. Pakapita kanthawi nyamulani chiwaya ndi kansalu n'kuchigwedeza kuti mtedza utembenuke wonse.

Cha pakati pa mphindi 6 ndi 12 mumayamba kumva kuthetheka, apa ndi apo, ngati udzu wouma ukayamba kugwira moto. Kumeneko ndi khungu likung'ambika. Nthunzi yochokera mkati ikukankha, khungulo lauma ndipo silingatamukenso, ndiye limasweka. Ambiri amalakwitsa pamenepa poganiza kuti mtedza ukathetheka ndiye kuti wapsa. Kuthetheka kukungonena kuti madzi akutuluka. Ndiponso nthawi imene kwayambira ikuuzani za moto wanu. Kukayamba pa mphindi yoyamba kapena yachiwiri, mokweza ndiponso motsatizana, moto wachuluka, ndipo mukapitiriza choncho mupeza madontho akuda. Chotsani chiwaya pambali, pitirizani kutakasa, muchepetse makala. Zikadutsa mphindi 15 osamva kanthu, moto wachepa kapena mtedza unali wonyowa.

Kenaka kuthetheka kuja kumachuluka, n'kuyamba kuchepa. Apa tcherani khutu ku phokoso la mtedza pachitsulo. Lija linali lolemera lasanduka lopepuka ndi lowuma, loti wayawaya, ngati njere za m'chisekese. Mthiko nawo umayenda mosavuta. Kusintha kumeneku, kumene pa moto wathuwu kumafika cha pa mphindi 15 mpaka 18, ndi chizindikiro chodalirika kwambiri chimene khutu lingakupatseni. Chikutanthauza kuti gawo loumitsa latha ndipo lofiiritsa layamba. Fungo nalo limatembenuka nthawi yomweyo, uwisi umachoka n'kubwera fungo la chiponde. Kuyambira pano musachokepo, musayankhe foni, ndipo dzanja lisaime. Ngati n'kotheka chepetsaniko moto, chifukwa madzi amene ankateteza njere kuti zisatenthetse atha.

Khutu likuuzani kuti nthawi yoyesa yakwana, koma silingakuuzeni kuti muphule. Zimenezo ndi ntchito ya zala ndi maso.

Zimene khungu limanena, ndi pamene limanama

Tapani njere zitatu kapena zinayi kuchokera malo osiyana m'chiwaya, osati imodzi yokha, muziike pambale, muwerenge mpaka 20 kuti zizizireko, kenaka muzifikise ndi zala. Pa mtedza wosapsa khungu limakakamira, mwina kuchoka mbali imodzi yokha ngati kansanza konyowa. Pa mtedza woyandikira kupsa limasupuka lonse mosavuta n'kufumbutuka ngati tsamba louma la fodya. Mwa njere zinayizo, ngati ziwiri zasupuka ziwiri zakana, ndiye kuti simukutakasa mokwanira, kapena munasakaniza zazikulu ndi zazing'ono.

Komabe kusupuka kwa khungu kumabwera mtedza usanapse kwenikweni. Khungu ndi lopyapyala ndipo ndi limene limayamba kuuma, choncho likhoza kuchoka bwinobwino mkati mukadali moyera. Amene akufuna mtedza wongochotsa khungu kuti asinje nsinjiro yoyera akhoza kuphula pamenepa. Wofuna mtedza wotafuna ayenera kupitiriza pang'ono.

Mtundu wa khungu ndiye wosadalirika n'komwe. CG7 ndi wofiira kale asanaone moto, ndipo akamatentha amangoderako pang'ono, moti diso silingasiyanitse bwino wa mphindi 14 ndi wa mphindi 20. Mukadikira kuti khungu lake lisinthe mooneka, mkati mwapserera. Chalimbana amanamiza mwa njira ina. Khungu lake lotuwa limaonetsa kadontho kalikonse, ndiye munthu amachita mantha n'kuphula msanga, pamene njere yake yaikuluyo ikufunika mphindi zingapo kuposa CG7 kuti moto ufike pakati. Pa Chalimbana moto uyenera kukhala wocheperapo ndipo nthawi italikepo. Ndi bwinonso kukazinga masana kapena pamalo owala. Pa kuwala kwa makala kapena kwa tochi ya foni, mtedza uliwonse umaoneka wakupsa.

Mtundu woona uli mkati

Njere mwaisupula ija, iganizeni pakati kuti mbali zake ziwiri zipatukane, ndipo muyang'ane nkhope zamkatizo. Ichi ndicho chiyeso chenicheni. Njere yaiwisi mkati mwake ndi moyera ngati mkaka. Ikamapsa mumasanduka mwachikasu chotuwa, kenaka mwa bulawuni wowala ngati uchi, kenaka ngati pamwamba pa sikono yopsa bwino, ndipo mukapitirira apo mumada n'kuyamba kuwawa.

Musangoona mtundu wokha, fanizirani kunja ndi mkati. Ngati kunja kwa njere kuli bulawuni koma mkati muli moyera, moto unachuluka, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa moto kwambiri n'kupitiriza kutakasa kuti mkati mupeze mnzake. Ngati kunja ndi mkati zikufanana, kutentha kwalowa bwino. Pali kamtima kakang'ono kamene kamakhala kunsonga pakati pa mbali ziwirizo, kamene kamamera mtedza ukadzalidwa. Kameneka kamafulumira kuda ndipo kamawawirako mwachibadwa, choncho musaweruzire njere yonse pa iko. Koma mukaona kuti kada bii, dziwani kuti mwatsala pang'ono kupsereza.

Nthawi yophula ndi pamene mkati mwafika pachikasu chopita ku uchi, osati pamene mwafika pa mtundu umene mukuufuna pomaliza. Pa chiwaya chathu chija zimenezi zimachitika cha pa mphindi 18 mpaka 22. Kusiyana kwa mtedza wokoma ndi wowawa pamenepa kukhoza kukhala mphindi ziwiri zokha, n'chifukwa chake kuyambira pamene phokoso lasintha muyenera kuyesa njere mphindi iliyonse. Mukaona njere zikunyezimira mafuta kapena kautsi kabuluu kakukwera, mwachedwa kale, phulani msangamsanga. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndipo akayamba kutulukira kunja ndiye kuti kutentha kwapyola muyezo.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale anthu ozolowera, ndiwo kulawa. Mtedza wotentha sukukutika. Ngakhale utapsa bwino, ukadali wamoto umamveka wofewa m'kamwa, ndipo umalimba pokhapokha ukazizira. Munthu akalawa wochokera m'chiwaya amati sunapse, n'kuwonjezera mphindi zisanu, ndipo mphindi zisanuzo ndi zimene zimawononga zonse. Ngati mukufuna kulawa, iswani njereyo pakati, muisiye pambale yozizira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri pamene dzanja lina likutakasa.

Kupsa kwachiwiri

Chifukwa chophulira msanga n'chakuti mtedza sumaleka kupsa ukachoka pamoto. Njere zamafutazo zimasunga kutentha, ndipo zikaunjikana zimapitiriza kuphikana zokhazokha. Mtedza wophulidwa uli wachikasu umakafika pa uchi uli m'lichero. Wophulidwa uli kale ngati sikono umakafika pakuwawa.

Choncho lichero likhale pafupi musanayambe n'komwe kukazinga. Kuchotsa chiwaya pamoto n'kusiya mtedza momwemo ndi kulakwitsa kofala kwambiri, makamaka ndi chiwaya chochindikala chija tachiyamikira, chifukwa chitsulocho chikadali ndi moto wambiri ndipo tsopano palibe akutakasa. Khuthulirani mtedza m'lichero nthawi yomweyo, muuyale mzere umodzi, muupete kangapo kuti mphepo ipite pakati. Lichero limaposa mbale yachitsulo kapena beseni lapulasitiki chifukwa limapuma pansi. M'beseni lakuya nthunzi yotsala imabwerera mu mtedza n'kuufewetsa, kwinaku wapakati pa mulu ukupitirira kuda. Ngati mwazindikira kuti mwachedwa kuphula, yalani pa malichero awiri ndi kupeta mwamphamvu, mukhoza kupulumutsa wambiri.

Mudzamva timaphokoso tating'ono ta kuthetheka mtedza ukamazizira. Musadandaule, ndi khungu likulekana ndi njere. Pakatha mphindi 15 kapena 20 ndi pamene mungaweruze ntchito yanu moona, ndiponso ndi pamene khungu limachoka bwino koposa ngati mukufuna kuufikisa ndi kuupeta.

Za mchere

Mchere wouma sumamatira pa mtedza, umangotsalira pansi pa chiwaya. N'chifukwa chake timausungunula m'madzi. Pa theka la kilogalamu, supuni yaing'ono imodzi ya mchere m'masupuni aakulu atatu a madzi ndi yokwana kwa anthu ambiri. Funso limene anthu amatsutsana ndi lakuti madziwo athiridwe liti.

Ena amawaza mtedza usanapite pamoto, n'kuusakaniza bwino. Ubwino wake ndi wakuti mchere umagwira njere iliyonse mofanana ndipo umalowerera pansi pa khungu. Koma mwaonjezera madzi masupuni atatu pa awiri aja anali kale mkati, ndiye gawo loumitsa litalika, ndipo poyamba mtedza umamatirira pachiwaya. Zizindikiro za phokoso zimachedwanso, chifukwa mphindi zoyamba mumangomva kulira kwa madzi. Amene amatsata njirayi amachita bwino kuuyanika mtedzawo padzuwa kanthawi atauwaza.

Ena amawaza kumapeto, ndipo ine ndimaona kuti njirayi ndi yosavuta kuilamulira, malinga nthawi yake ikhale yoyenera. Nthawiyo ndi pamene phokoso langosintha kukhala lopepuka ndipo khungu layamba kusupuka, mkati mukadali motuwa. Wazani ndi zala pang'onopang'ono uku mukutakasa mofulumira, osakhuthula malo amodzi. Chiwaya chilira kwambiri, nthunzi ikwera, ndipo mtedza ubwereranso ku phokoso lolemera lija. Pitirizani mpaka kulira kwa madzi kutheretu, phokoso lopepuka libwerere, ndipo khungu livale kaufa koyera ka mchere. Zimatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Madziwa amaziziritsako chiwaya, motero amakupatsani mpata pang'ono pa gawo lothamanga lija. Koma mukawaza mtedza utapsa kale mwadziika pakati pa zovuta ziwiri: mukaphula msanga ukhala wonyowa ndipo mawa lake ufewa, mukadikira kuti uume upserera.

Dziwaninso kuti mchere ukayera pakhungu umabisa mtundu wake kotheratu. Pa mtedza wamchere, kuswa njere n'kuona mkati ndi njira yokhayo yotsala.

Mchenga, kwa amene akukazinga wambiri

Amene akukazinga wogulitsa kapena wa msonkhano, ndipo sangathe kuchita theka la kilogalamu kakhumi, ena amakazingira mumchenga. Nzeru yake ikuchokera pa vuto la kachigawo kakang'ono kaja. Mchenga wotentha umakuta njere mbali zonse, ndiye moto sulowera malo amodzi ndipo madontho akuda amachepa kwambiri. Mchengawo ukhale wa kumtsinje, wotsukidwa mpaka madzi ayere, wouma ndi wosefedwa. Umatenthetsedwa kaye wokha, kenaka mtedza n'kulowa, ndipo pomaliza zonse zimakhuthulidwa pa sefa ya mabowo oti mchenga udutse mtedza utsale.

Njirayi ili ndi mtengo wake. Mchenga umameza phokoso, kotero khutu silithandiza kwenikweni, ndipo mumadalira fungo ndi kuswa njere pafupipafupi. Umasunganso moto kuposa chitsulo, ndiye kuchedwa kusefa ndi mphindi imodzi kumaonekera pa mtundu. Madzi a mchere sangawazidwe mumchenga, choncho mtedza uyenera kuthiridwa mchere ndi kuumitsidwa usanalowe. Njere zosweka ndi zong'ambika khungu zimatenga timchenga, ndipo palibe wogula amene amabweranso atalumapo mchenga kamodzi.

Mtedza ukazizira kotheratu, osati kungofunda, ndi pamene uyenera kulowa m'botolo kapena m'timapepala. Womangidwa ukadali wofunda umachita thukuta mkati mwa pepala, ndipo pofika madzulo wataya kukukutika kwake. Wokazinga Lachisanu masana n'kuzizira bwino, ukatsekeredwa m'botolo louma la chivindikiro cholimba, umakhala wokoma pa Sabata ndi masiku angapo otsatira. Ngati mukufuna kusunga nthawi yotalikirapo, usiyeni ndi khungu lake ndipo botololo likhale pamthunzi, chifukwa mafuta a mtedza wokazinga akakumana ndi mpweya ndi dzuwa amayamba kununkha ukale. Wofewa chifukwa cha chinyezi chokha, wopanda fungo loipa kapena chuku, ukhoza kubwezedwa pachiwaya cha moto wochepa kwambiri kwa mphindi zitatu kapena zinayi, mpaka phokoso lopepuka lija limvekenso, kenaka m'lichero.